Mukasintha akaunti ya ku banki: momwe mungauzire makasitomala popanda kuoneka ngati kamberembere

Aliyense amene ali ndi foni kuno ku Kasungu analandirako meseji ija yoti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi, inayo ili ndi vuto." Ena anaberedwa nayo, ena anangomva kwa anzawo, koma tonse tinatolapo phunziro limodzi, loti munthu akakuuza kuti nambala yolipirira yasintha, uyambe wamukayikira. Tsoka lake n'lakuti tsiku lina inuyo, wabizinesi wachilungamo, mudzafunika kunena mawu omwewo. Ndipo meseji yanu yoona ikafika pa foni ya kasitomala, imaoneka chimodzimodzi ndi ya wakuba.

Ine ndimasunga mabuku a ndalama pa sitolo ina yopikulitsa katundu pa boma pano. Timagulitsa shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira ndi zina zotero kwa eni magolosale a ku Santhe, Chamama, Mtunthama, Chatoloma mpaka ku Nkhamenya. Makasitomala 58 amatenga katundu pangongole n'kumalipira kudzera ku banki. Kwa zaka zambiri ndalamazo zinkalowa mu akaunti ya abwana, ya dzina lawo lenileni. Atalembetsa bizinesi kukhala kampani, tinatsegula akaunti ina ku banki ina, m'dzina la kampaniyo. Choncho zinasintha zinthu zitatu nthawi imodzi: banki, nambala ndi dzina.

Ulendo woyamba tinalakwitsa. Tinalemba meseji pa WhatsApp, nambala yatsopano ili momwemo, n'kuwonjezera kuti "kuyambira lero musatumizenso ku akaunti yakale." Bambo wina wa ku Santhe, amene anali ndi ngongole yathu ya K1,850,000, anangokhala chete masabata atatu osalipira, osaimbanso foni. Mayi wina wa ku Chamama anakwera galimoto ndi ndalama zonse atazimanga m'chitenje, kuika moyo wake pachiswe, chifukwa sanakhulupirire mesejiyo. Koma amene anandiopsa kwambiri ndi anthu 9 amene anatumiza ndalama tsiku lomwelo osafunsa kalikonse. Ndinaona kuti akanakhala wakuba amene walemba mesejiyo, akanatumizanso chimodzimodzi, ndipo tinali titawazoloweza tokha khalidwe limenelo. Tinaimika zonse n'kuyambiranso. Zimene ndikulemba pansipa ndi njira imene tinatsata kachiwiri.

Mfundo imene yagwira masitepe onsewa ndi imodzi. Wakuba amadalira zinthu zitatu: kukufulumizitsa, kukupeza kudzera m'njira yachilendo, ndi kukutsekera mpata wofunsa. Chilengezo chanu chipereke nthawi yokwanira, chidutse m'njira imene kasitomala anaizolowera kale, ndipo chimukakamize kufunsa asanatumize kanthu.

1. Konzani za ku banki musanauze munthu aliyense

Akaunti yatsopano iyambe yagwira ntchito. Ikanimo ndalama pang'ono pa kauntala ya ku banki, tumizaniko zina kuchokera ku banki ina, ndipo yesaninso kuchokera pa Airtel Money ndi pa Mpamba ngati makasitomala anu amalipira choncho. Pa njira iliyonse, onani dzina limene likutuluka pa foni kapena pa kapepala ka dipoziti, mulilembe ndendende. Nthawi zina dzina lalitali limadulidwa, kapena dzina limene munalembetsa ku boma limasiyana pang'ono ndi limene lalembedwa pa khoma la sitolo. Kasitomala amene amakudziwani ndi dzina la pa khoma akaona dzina lina pa foni, adzaima pomwepo, ndipo adzakhala atachita bwino. Muyenera kudziwiratu chimene adzaone kuti mumuuziretu.

Kenako pemphani ku banki kalata yotsimikiza akauntiyo. Imakhala pa pepala la banki, ili ndi dzina la akaunti, nambala, nthambi, chidindo ndi siginecha ya wogwira ntchito kumeneko. Kawirikawiri pamakhala kandalama kolipira. Kwa mwini golosale kalatayi ndi yongowonjezera, koma masukulu, makopaletivi ndi maesiteti sadzasintha kanthu m'mabuku awo popanda iyo.

Akaunti yakale musaitseke. Izi ndazinena msanga chifukwa ambiri amaitseka tsiku lomwe atsegula yatsopano, pothawa ndalama zimene banki imadula mwezi ndi mwezi. Kandalama ka miyezi itatu kameneko n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi ngongole imodzi imene ingachedwe. Komanso akaunti yakale ikakhala yotsegula mumatha kunena chiganizo chimene wakuba sanganene: "Ngati mukukayika, pitirizani kulipira kwakale."

Ndiponso musasinthe china chilichonse pa nthawiyi. Nambala ya foni ya sitolo ikhale yomweyo, wosayina makalata akhale yemweyo, dalaivala wopereka katundu akhale yemweyo, maonekedwe a invoisi akhale omwewo. Ngati mukufunanso kusintha nambala ya foni, dikirani miyezi ingapo. Foni yakaleyo ndi imene kasitomala adzagwiritse ntchito pofufuza ngati nkhani ya akaunti ili yoona, ndiye mukasintha zonse pamodzi mwamulanda pogwira.

2. Sankhani nyengo yabata

Kuno ndalama zimayenda ndi nyengo. Msika wa fodya ku Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu Epulo, soya ndi mtedza zikayamba kugulidwa, magolosale amaoda katundu wambiri ndipo ndalama zikuluzikulu zimadutsa mu akaunti tsiku ndi tsiku. Nyengo imeneyo ndi imenenso akamberembere amalimbikira. Musalengeze pamenepo, ndiponso musalengeze kumapeto kwa mwezi pamene anthu akukonzeka kulipira, chifukwa uthenga wosintha akaunti wofika tsiku lolipira uli ndi fungo la kuba ngakhale utakhala woona.

Ife tinasankha Febuluwale, malonda ali ozizira. Uthenga woyamba unapita pa 3 Febuluwale, makalata anagawidwa pakati pa 10 ndi 21, akaunti yatsopano inayamba kulandira pa 1 Malichi, ndipo yakale inakhalabe yotsegula mpaka 31 Meyi. Vuto la Febuluwale ndi matope. Lole yathu inalephera kufika malo ena a mbali ya ku Chamama sabata yonse, choncho makalata a kumeneko anachedwa. Ikani masiku apadera poganizira misewu.

3. Uthenga woyamba usakhale ndi nambala

Apa ndi pamene pagona nkhani. Lekanitsani nkhani yoti akaunti isintha ndi nambala yeniyeniyo. Uthenga woyamba ungochenjeza, ndipo usapemphe kasitomala kuchita kanthu ndi ndalama zake. Wathu unali wotere, ndipo unachoka pa nambala ya sitolo imene aliyense anaisunga kale:

"Makasitomala athu olemekezeka, tikukudziwitsani kuti kuyambira pa 1 Malichi tidzakhala ndi akaunti yatsopano ya ku banki, chifukwa bizinesi yathu tsopano yalembetsedwa ngati kampani. Pakali pano musasinthe kalikonse, pitirizani kulipira monga mwa masiku onse. Nambala yatsopano sitidzaitumiza pa meseji kapena pa WhatsApp. Mudzailandira m'kalata pamanja, pobwera ndi katundu wanu kapena mukafika pa sitolo. Wina akakutumizirani nambala pa foni m'dzina lathu, ameneyo si ife."

Uthengawu sungaberetse munthu, chifukwa mulibe poti atumize ndalama. Ngakhale wina ataukopera n'kuutumiza kwa anzake, palibe chowonongeka. Umanenanso chifukwa chosinthira m'mawu ochepa, chifukwa kusintha kopanda chifukwa kumadzutsa mphekesera zoti mwina sitolo yagwa, kapena abwana akuthawa ngongole. Chifukwacho chikhale choona komanso chachidule. Ngati mwachoka ku banki yakale chifukwa chokhumudwa nayo, musalembe madandaulo anu mmenemo, ingonenani kuti mwasamutsira akaunti ku banki ina.

Pewani mawu ngati "mwachangu", "lero lomwe", "akaunti yakale yatsekedwa" kapena "ili ndi vuto". Amenewo ndi mawu a akuba, ndipo makutu a anthu anawazolowera. Musaikemo linki yoti munthu adine. Musapemphe kasitomala kuti akutumizireni nambala ya chitupa chake cha unzika, nambala ya akaunti yake kapena nambala yachinsinsi. Inuyo ndi amene mukusintha, iyeyo alibe chopereka.

Masiku omwewo, amene akubwera pa sitolo auzidwe pakamwa, ndipo abwana eniake aimbire makasitomala akuluakulu. Ife tinasankha anthu 12 amene ali ndi ngongole zazikulu, abwana n'kuwaimbira mmodzimmodzi. Mawu a munthu amene mwachita naye malonda zaka khumi amaposa pepala lililonse. Pa kauntala tinamatanso chikalata cha mawu omwewo, chakumbuyo kwa wogulitsa kumene munthu wapanja sangamatepo china pamwamba.

4. Kalata ya nambala ipite pamanja

Kalatayi ilembedwe pa pepala la sitolo lomwe makasitomala amaliona pa mainvoisi, ndipo ikhale ya tsamba limodzi. Iliyonse ikhale ndi dzina la kasitomala wake, osati "kwa onse". Ikanimo dzina la banki, nthambi, dzina la akaunti monga limaonekera pa foni, ndi nambala yolembedwa m'zilembo zikuluzikulu, yogawidwa m'magulu a manambala atatu kapena anayi kuti isavute kuwerenga. Tchulaninso akaunti yakale, koma manambala anayi omaliza okha, kuti kasitomala aone kuti wolembayo akudziwa kumene iye amalipira. Lembani masiku onse awiri, loyambira yatsopano ndi lotsekera yakale.

Ife tinawonjezera chinthu china chimene chinathandiza kwambiri. M'kalata iliyonse tinalembamo nambala ya invoisi yomaliza ya kasitomalayo ndi ngongole imene yatsala. Munthu wapanja sangadziwe kuti mayi wa ku Mtunthama watsala ndi K412,500 pa invoisi yakuti. Chifukwa cha zimenezi makalatawo ayenera kukhala m'maenvelopu omata, popeza ngongole ya munthu si yoti aziiwerenga aliyense.

Kumapeto kwa kalata kukhale ndime iyi kapena yofanana nayo:

"Musanatumize ndalama ku akaunti yatsopanoyi, chonde tiimbireni pa nambala yathu imene muli nayo kale m'foni mwanu kapena pa malisiti anu akale, mutiwerengere nambala ya akaunti imene ili m'kalatayi. Ngati simunatsimikize, pitirizani kulipira ku akaunti yakale mpaka 31 Meyi. Simudzalipiritsidwa kanthu chifukwa chodikira."

Onani kuti sitinalembemo nambala ya foni yoti aimbepo. Tinachita dala. Kalata yabodza imakhala ndi nambala ya foni yabodza, ndipo woyankha kumeneko amavomera zonse mwaulemu. Kasitomala aphunzire kufufuza pa nambala imene anali nayo kalata isanabwere.

Asayine ndi munthu amene makasitomala amadziwa siginecha yake, ndi bolopeni, kalata iliyonse payokha, kenako chidindo. Komatu musadalire chidindo. Chidindo chimadulidwa pa msika ndi ndalama yochepa, ndipo pepala la sitolo aliyense wokhala ndi kompyuta akhoza kulikopera. Ntchito ya siginecha ndi chidindo ndi kuonetsa ulemu ndi dongosolo basi. Chitetezo chenicheni chili pa sitepe yotsatira.

Makalata akhale awiriawiri. Imodzi itsale kwa kasitomala, inayo asayine ndi kulemba tsiku, ibwerere kwa inu. Dalaivala wopereka katundu ndi amene anatenga ambiri mwa makalata athu, ndipo tinamuuza kuti apereke kwa mwini golosale yekha, osasiya kwa mnyamata wogulitsa kapena kwa neba. Tsiku lina pakadzabuka mkangano woti "ine simunandiuze", kalata yosayinidwayo ndi imene idzayankhe.

5. Kasitomala aimbe yekha, awerenge yekha

Ena amaona ngati sitepe iyi ndi yongotaya mayunitsi, popeza kalata yabwera ndi dalaivala wodziwika. Ine ndimaiona kuti ndi yofunika kuposa zonse. Envelopu imadutsa m'manja mwa anthu angapo isanafike. Sindikunena kuti antchito anu ndi akuba, dalaivala wathu ndi munthu wokhulupirika amene tagwira naye ntchito zaka zambiri. Koma dongosolo labwino limateteza iyenso, chifukwa ndalama zikasowa woyamba kulozedwa chala ndi amene ananyamula kalata.

Sankhani anthu awiri okha oyankha za akaunti. Kwathu anali abwana ndi ine. Antchito ena onse anauzidwa kuti wina akafunsa za akaunti, ayankhe kuti "dikirani ndikupatseni akalaliki", osayesa kutchula nambala pamtima. Kasitomala akaimba, iye ndi amene aziwerenga nambala ya m'kalata yake, inu mukutsatira pa kalata ya ku banki ija. Mukamuwerengera ndinu, amangoti "eya, eya" maso ali kwina, ndipo ngati pepala lake lili ndi nambala yosiyana simudzadziwa. Kukambirana kwake kumayenda motere:

"Moni achimwene, ndalandira kalata ija."

"Zikomo mayi. Tandiwerengereni dzina la banki ndi nambala imene yalembedwapo, pang'onopang'ono."

Akamaliza, mufunseni dzina la akaunti limene lili pa kalatayo, ndipo mumuuze kuti ndi lomwelo limene ayenera kuliona potumiza. Likatuluka dzina la munthu m'malo mwa dzina la kampani, asapitirize. Kenako lembani m'buku tsiku, dzina lake ndi amene wamuyankha.

Amene alibe mayunitsi afulashe, inu muimbe pa nambala yake imene ili m'mabuku anu. Ndipo amene wafunsa mafunso ambiri musamuonetse nkhope yotopa. Bambo wa ku Santhe uja anaimba kawiri, kenako anatuma mwana wake kudzaona chikalata cha pa kauntala ndi maso. Abwana anamuthokoza, n'kunena kuti safunsa anadya phula. Kasitomala wotereyu ndi amene sadzakutayitsani ndalama.

Apa ndi pamenenso mumagwira zolakwa zanu zomwe. Pa makalata athu, imodzi inatuluka mu pulinta inki itafooka, 8 akuoneka ngati 3. Tinadziwa chifukwa mwini wake anatiwerengera.

6. Ndalama yoyamba ikhale yochepa

Pa malipiro oyamba, pemphani kasitomala atumize kandalama kochepa, ife tinati K10,000, kochotsedwa pa ngongole yake. Mukaiona mu akaunti, mutumizireni lisiti tsiku lomwelo ndi kumuuza ngongole yotsala. Akalandira lisitilo ndi pamene atumize zotsalazo. Ndi njira imeneyi, ngati pali cholakwika penapake, chotayika ndi K10,000 osati mamiliyoni.

Izi zimafuna kuti inuyo mukhale tcheru masiku amenewo. Munthu amene watumiza ndalama ku akaunti yachilendo n'kukhala masiku awiri osamva kanthu amagona tulo tochepa. Onetsetsani kuti meseji za ku banki zodziwitsa kuti ndalama zalowa zikufika pa foni imene ili pa sitolo. Dziwaninso kuti ndalama zochokera ku banki ina nthawi zina sizifika nthawi yomweyo, makamaka zikatumizidwa madzulo, Loweruka kapena pa holide, ndiye muuzeniretu kasitomala kuti asadzidzimuke. Mukumbutseni kulemba dzina la golosale yake kapena nambala ya invoisi potumiza, chifukwa ma K10,000 makumi asanu ofanana opanda maina ndi mutu waukulu kwa wosunga mabuku.

Amene amalipira pa foni, kaya kudzera pa *626# ya National Bank, *211# ya Airtel Money, *444# ya Mpamba kapena pa apu ya banki yawo, ambiri anasunga akaunti yanu yakale kuti asamailembe nthawi zonse. Akumbutseni kuti asunge yatsopano ndi kufufuta yakale akatsimikiza. Enanso satumiza okha, amatuma mwana kapena amapita kwa ejenti ndi kapepala kakale kamene kamakhala m'kabati ya ndalama. Kapepala kameneko ndi kamene kamabweza anthu ku akaunti yakale miyezi ingapo pambuyo pake. Afunseni kuti amene amapita kukalipira ndani, ndipo ameneyo auzidwenso.

7. Masukulu, makopaletivi ndi maofesi

Awa amayenda mosiyana. Munthu amene mumacheza naye pooda katundu kawirikawiri si amene amakonza malipiro. Funsani kuti za ndalama amaona ndani, ndipo kalata ipite kwa ameneyo pamodzi ndi kalata ya ku banki ija. Ambiri ali ndi fomu yawo yosinthira akaunti ya wogulitsa, ndipo ena amafuna kuti isayinidwe ndi anthu awiri. Ngati mwachoka pa bizinesi ya munthu mmodzi kupita pa kampani, TPIN yanu ya ku MRA nayonso imakhala yatsopano, choncho perekani zonse nthawi imodzi pamodzi ndi satifiketi ya kampani. Apatseni mwezi wathunthu, chifukwa malipiro awo amakonzedwa pasadakhale.

Ngati mumatumizirana nawo mainvoisi pa imelo, samalani kwambiri. Kuba kofala m'maofesi n'kwakuti wakuba amalowa mu imelo ya wogulitsa, kapena amatsegula ina yosiyana chilembo chimodzi chokha, n'kutumiza invoisi yeniyeni atangosintha nambala ya akaunti. N'chifukwa chake akalaliki odziwa ntchito sakhulupirira kusintha kobwera pa imelo yokha. Pitani nokha ndi makalatawo, kapena imelo ikhale yongotsatira pambuyo poti mwaonana.

8. Miyezi ya akaunti ziwiri

Kuyambira tsiku loyamba, invoisi iliyonse ikhale ndi akaunti yatsopano yokha, ndi mzere umodzi pansi wonena kuti akauntiyi inasintha pa 1 Malichi monga mwa kalata imene analandira. Musalembe maakaunti onse awiri pa invoisi imodzi, zimasokoneza. Mabuku akale a mainvoisi amene anasindikizidwa ndi nambala yakale achotsedwe pa kauntala. Kukhwatcha nambala ndi bolopeni n'kulemba ina pamwamba kumaoneka ndendende ngati ntchito ya wakuba.

Sabata iliyonse onani sitetimenti ya akaunti yakale. Aliyense amene walipira kumeneko mpatseni lisiti lake bwinobwino, kenako muimbireni mwaulemu. Buku lathu linali ndi mizere isanu pa dzina lililonse: walandira kalata, wasayina, waimba, watumiza yoyesera, wasamuka. Pofika kumapeto kwa Malichi, anthu 41 mwa 58 anali atasamuka. Kumapeto kwa Epulo anatsala 6, ndipo onsewo anali a kapepala ka m'kabati kaja. Kutatsala masabata awiri kuti titseke, tinawaimbira onse 6, ndipo pa ulendo wotsatira wa katundu dalaivala anaonetsetsa kuti kapepala kakale kachotsedwa.

Musanatseke, funsani ku banki yakale ngati pali macheke amene sanalowe kapena malipiro okhazikika amene amadutsa mmenemo. Ngati pakadali munthu wa ngongole yaikulu amene sanasamuke, onjezerani mwezi wina. Ndalama zotumizidwa ku akaunti yotsekedwa kawirikawiri zimabwerera kwa mwini wake, koma zimatenga masiku, ndipo masiku amenewo inu mulibe ndalama, iyenso alibe.

Zikasokonekera

Chizindikiro choyamba choti wina walowerera ndi kasitomala amene akuti analipira pamene inu simukuona kanthu mu akaunti iliyonse. China ndi munthu amene akufunsa kuti "kodi mwasinthanso?", kapena amene akuwerenga nambala yosiyana ndi yanu pa foni. Nthawi zambiri njira yake imakhala chithunzi. Kasitomala wamtima wabwino amajambula kalata yanu n'kuiponya pa gulu la WhatsApp la amalonda kuti athandize anzake, wina n'kusintha manambala pa chithunzicho n'kuchiponyanso. Pemphani makasitomala kuti asajambule kalatayo, ndipo wina akakupemphani kuti "ingonditumizirani pa WhatsApp, kalata ndaitaya", kanani mwaulemu. Munalonjeza kuti nambala sidzabwera pa foni, ndipo mukaphwanya lonjezolo kamodzi, meseji ya wakuba idzaoneka yoona. Mutumizireni kalata ina pa ulendo wotsatira, iye azilipirabe kwakale.

Wina akatumiza kale ndalama kwa wakuba, nthawi ndi imene imapulumutsa. Aimbire banki yake kapena kampani ya foni imene anatumizira ola lomwelo, apereke nambala ya malipirowo ndi nambala imene yalandira, apemphe kuti ndalamazo ziimitsidwe zisanatapidwe. Kenako apite ku polisi ndi meseji, chithunzi kapena kalata yabodzayo, osafufuta kanthu m'foni. Ngakhale manambala a foni analembetsedwa ndi zitupa za unzika kuyambira 2018, akuba amagwiritsa ntchito manambala olembetsedwa m'maina a anthu ena, choncho dzina limene latuluka pa foni silitanthauza kuti wakubayo wapezeka. Inuyo mumuperekeze, chifukwa dzina la sitolo yanu ndi limene lagwiritsidwa ntchito, ndipo apolisi adzafuna kuona kalata yanu yeniyeni.

Tsiku lomwelo tumizani uthenga kwa makasitomala onse kuchokera pa nambala ya sitolo, wonena kuti pali wina amene akufalitsa akaunti yabodza m'dzina lanu, kuti aliyense aime kaye kulipira ku akaunti imene sanaitsimikize pa foni, ndipo kuti akaunti yakale ikulandirabe. Musaikemo nambala iliyonse, ngakhale yabodzayo, chifukwa wina woiwerenga mothamanga adzaisunga poganiza kuti ndi yatsopano ija. Nkhani yoti ngongole ya woberedwayo ikhala bwanji muikambe pambuyo pake, muli pansi awiri, buku la mizere isanu lija ndi kalata imene anasayina zili patebulo.